Thandala la Sola Pansi: Yezani Mthunzi wa Juni Musanakumbe

Mabanja ambiri amene agula mapanelo a sola masiku ano sakuwaikanso padenga. Denga la malata lakale silipirira kulemera kwake, nyumba zambiri siziyang'ana kumene dzuwa limafuna, ndipo kumunda kumene kuli pampu ya madzi nthawi zambiri kulibe denga n'komwe. Choncho mapanelo amakhala pansi, pa thandala la zitsulo. Ubwino wake ndi wakuti mumasankha nokha kumene ayang'ane, mumawatsuka osakwera makwerero, ndipo mphepo imadutsa pansi pake n'kumawaziziritsa. Koma thandala la pansi lili ndi vuto lake limene siliwoneka tsiku lomanga: mzere wina wa mapanelo umatha kuphimba unzake ndi mthunzi.

Vutoli limabisala chifukwa cha nyengo imene timamangira. Ambiri timamanga mu Seputembala kapena Okutobala, titagulitsa mbewu ndipo nthaka ili youma. Miyezi imeneyo dzuwa la kuno limadutsa pafupifupi pamutu, ndipo mithunzi imakhala yaifupi. Mmisiri amaimika mizere iwiri mothinana, amayang'ana, saona mthunzi uliwonse, amalandira ndalama zake n'kumapita. Mthunzi umabwera mu Meyi, umakula mu Juni, ndipo umachoka mu Ogasiti. Imeneyitu ndiyo miyezi imene dimba layamba kufuna madzi tsiku ndi tsiku, ndiponso imene masana amakhala aafupi.

Kumene dzuwa limayenda

Malawi ali kummwera kwa mzere wapakati pa dziko lapansi. Karonga ali pa madigiri pafupifupi 10, Lilongwe pa 14, Blantyre pafupi ndi 16, ndipo Nsanje pafupi ndi 17. Pa chifukwa chimenechi, miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limakhala chakumpoto kwathu, ndipo mapanelo ayenera kuyang'ana kumpoto. Mabuku ndi mavidiyo ambiri ochokera ku Ulaya ndi ku Amereka amati kummwera. Sakunama, koma akunena za kwawo.

Tsiku limene dzuwa limatsika kwambiri chakumpoto ndi cha pa 21 Juni. Ku Lilongwe masana a tsikulo limakwera kufika madigiri pafupifupi 53 okha kuchokera pansi. Kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale limadutsa pamutu n'kupendekera pang'ono kummwera. Thandala lokhazikika silingatsatire zonsezi, ndiye timasankha kupendekeka kwapakati, kofanana ndi madigiri a malo athu. Kwa ambiri m'Malawi madigiri 15 ndi abwino. Sindilangiza kutsika pansi pa 10 ngakhale ku Karonga, chifukwa panelo yogona kwambiri imasunga fumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo madzi a mvula amadikha m'munsi mwa galasi n'kusiya matope. Kupendeketsa kwambiri, monga madigiri 30 kapena 40 amene ena amakonda poti amaoneka bwino, kumatayitsa magetsi m'miyezi ya dzinja, kumatalikitsa mthunzi, ndiponso kumapatsa mphepo pogwira.

Madigiri 15 safuna chida chapadera. Pa mita iliyonse yoyezedwa mopingasa, thandala likwere masentimita 27.

Kupeza kumpoto nakonso n'kosavuta. Zikani ndodo yowongoka pamalo osalala. Cha m'ma 9 koloko mmawa ikani chikhomo pamene pathera mthunzi wake, kenako jambulani bwalo kuzungulira ndodoyo ndi chingwe chotalika ngati mthunziwo. Mthunzi udzafupika masana n'kuyambanso kutalika. Ukakhudzanso bwalo lija chakumadzulo, ikani chikhomo chachiwiri. Chingwe chomangidwa pa zikhomo ziwirizo chayenda kuchokera kummawa kupita kumadzulo, ndipo mzere wa mapanelo utsatire chingwe chimenecho. Kampasi ya pa foni imathandiza, koma imasokonezeka ikayandikira malata, zitsulo kapena galimoto. Kuphonya kumpoto ndi madigiri 10 sikutayitsa zambiri, choncho musagwetse khola chifukwa cha zimenezo.

Mthunzi wochepa, kutaya kwakukulu

Wina angafunse kuti kamthunzi ka chikhatho chimodzi m'munsi mwa panelo yaitali mamita awiri kangawononge chiyani. Mkati mwa panelo muli timabwalo ta magetsi tolumikizidwa motsatana ngati mikanda pa ulusi umodzi. Magetsi onse amadutsa m'kabwalo kalikonse, ndiye kamodzi kakaphimbidwa, kamachepetsa mayendedwe a mzere wonse, monga mmene payipi yopindika pamalo amodzi imachepetsera madzi onse. Opanga anaikamo tizipangizo totchedwa madayodi, kawirikawiri titatu, timene timalola magetsi kulambalala gawo lophimbidwa. Magawo atatuwo amayenda motsata utali wa panelo. Ndiye panelo ikaimikidwa chautali, mthunzi wodutsa m'munsi mwake umakhudza magawo onse atatu nthawi imodzi. Panelo ya mtundu wakale imatsala pang'ono kuzimiratu. Zamakono, zimene zili ndi mzere wogawa pakati, zimataya pafupifupi theka. Ndipo ngati mapanelo onse alumikizidwa motsatana kupita ku pampu, ophimbidwawo amakokera pansi anzawo amene ali padzuwa.

Tiwerengere limodzi

Titenge munda wa m'chigawo chapakati, kufupi ndi Lilongwe, umene uli ndi mapanelo asanu ndi atatu a mawati 550 oyendetsera pampu ya pachitsime. Panelo ya mtunduwu imakhala pafupifupi masentimita 228 m'litali ndi 113 m'lifupi, ndipo imalemera makilogalamu 27 kapena 28. Yezani yanu ndi tepi, chifukwa zimasiyana pang'ono.

Ngati malo alipo, njira yabwino koposa ndi mzere umodzi wa mapanelo onse, wautali mamita oposa 9 pang'ono kuchokera kummawa kupita kumadzulo. Pamenepo palibe wophimba mnzake. Koma tinene kuti malo otchingidwa ndi aafupi, ndipo tikuyenera kupanga mizere iwiri ya mapanelo anayianayi. Mzere uliwonse ukhala wautali masentimita 460, kuphatikizapo kampata ka masentimita awiri pakati pa panelo ndi inzake.

Panelo ya masentimita 228 itapendekeka madigiri 15, mutu wake umakwera masentimita 59 kuposa m'munsi mwake, ndipo imatenga malo okwana masentimita 220 pansi. Nambala ya 59 ndiyo tiigwiritse ntchito. Kutalika kwa miyendo sikulowa m'masamu amenewa ngati mizere yonse ili ndi miyendo yofanana pamalo athyathyathya. Chimene chimaponya mthunzi ndi kusiyana kwa pakati pa mutu wa mzere wakutsogolo, wakumpoto uja, ndi m'munsi mwa mzere wakumbuyo.

Tsopano mthunzi wa pa 21 Juni, kuuyeza molunjika kummwera, kumene kuli mzere wachiwiri. Masana enieni umakhala magawo atatu mwa anayi a msinkhu, ndiko kuti masentimita 45. Apa ndi pamene ambiri amalakwira, chifukwa amawerengera za masana zokha. Cha m'ma 9 koloko mmawa, ndiponso cha m'ma 3 koloko masana, mthunziwo umafanana ndi msinkhu, masentimita 60. Cha m'ma 8 mmawa ndi 4 madzulo umafika masentimita 84. Ola limodzi lokha m'mbuyo mwake, cha m'ma 7, umakhala pafupifupi mamita awiri, koma dzuwa la nthawi imeneyo ndi lofooka, ndipo kulithamangitsa n'kungotaya malo ndi waya. Maola amene tiyenera kuteteza ndi a pakati pa 8 mmawa ndi 4 madzulo. Kuno kwathu dzuwa limafika pamwamba kusanakwane 12 koloko, mu Juni cha m'ma 11:45, ndiye maola onsewa pa wotchi yanu abwera msangako ndi mphindi khumi ndi zisanu.

Kuchokera pamenepa tikupeza lamulo losavuta kukumbukira: mpata wa pakati pa mizere ukhale msinkhu uja kamodzi ndi theka. Masentimita 59 kuwonjezerapo theka lake ndi pafupifupi 90. Lamuloli limakwanira mpaka ku Blantyre. Ku Nsanje onjezerani pang'ono, ndipo ku Karonga lili ndi zotsalira. Ineyo ndikadasiya mita yathunthu, chifukwa munthu wonyamula ndowa ndi nsalu yotsukira ayenera kudutsa osagunda ngodya ya panelo. Mpatawu muuyeze pansi, kuchokera pamene chingwe chokhala ndi mwala chagwera kuchokera kumutu kwa mzere wakutsogolo, kufika pamene chagwera kuchokera m'munsi mwa mzere wakumbuyo. Malo onse akhala masentimita 460 m'mbali ndi 540 kuchokera kumpoto kupita kummwera: 220 a mzere woyamba, 100 a mpata, ndi 220 a mzere wachiwiri.

Yerekezani ndi zimene mmisiri angaone kumapeto kwa Seputembala. Masiku amenewo mthunzi wopita kummwera umakhala gawo limodzi mwa anayi a msinkhu tsiku lonse, masentimita 15 okha. Mpata wa masentimita 30 umaoneka wokwanira ndithu. Mu Juni mpata womwewo umasiya mthunzi pa mzere wakumbuyo kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake. N'chifukwa chake kuyesa ndi maso kumagwira ntchito m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye yokha. Miyezi ina khulupirirani masamu.

Malo otsetsereka, mpanda ndi chimanga

Minda yambiri si yathyathyathya. Ngati nthaka ikutsika chakummwera, mzere wakumbuyo umakhala m'munsi, ndipo kutsikako kumawonjezeka pa msinkhu uja. Tinene kuti pamene paime mzere wachiwiri patsika ndi masentimita 20. Msinkhu sulinso 59 koma 79, ndipo mpata uyenera kukhala masentimita 120. Njira ina, imene nthawi zambiri imatchipa, ndi kutalikitsa miyendo ya mzere wakumbuyo ndi masentimita 20 omwewo. Nthaka ikamakwera chakummwera muli ndi mwayi, chifukwa mpata utha kuchepa, koma musauchepetse mpaka munthu kulephera kudutsa. Kutsika kwa malo mumakuyeza ndi payipi yoonekera mkati yodzaza madzi, monga amachitira omanga nyumba.

Lamulo la kamodzi ndi theka limagwiranso pa china chilichonse choima kumpoto kwa mapanelo. Mpanda wa njerwa wa masentimita 220, pamene m'munsi mwa panelo muli pa 80, ukupitirira ndi 140, ndiye mzere woyamba utalikirane nawo masentimita 210. Zinthu za kummawa ndi kumadzulo zimafuna mtunda wokulirapo, pafupifupi katatu msinkhu wake, chifukwa dzuwa la mmawa ndi la madzulo limachokera kumeneko lili lotsika. Musaiwale zinthu zimene zimakula. Nthochi, mapapaya, kamtengo ka mango kamene lero kakufika m'chiuno, ngakhale chimanga chimene mu Malichi chimaposa munthu, zonsezi zili ndi mthunzi. Nsanja ya thanki ya madzi iikidwe kummwera kwa mapanelo, motalikirako. Kwa mpanda woteteza mbuzi, waya ndi wabwino kuposa udzu kapena bango.

Miyendo, mitanda ndi mphepo

M'munsi mwa panelo mukhale masentimita 80 kuchokera pansi. Kutsikirapo, mvula imathovulira matope pagalasi, udzu umafika msanga, ndipo mbuzi zimakwerapo. Kukwererapo kwambiri, thandala limagwedera ndipo zitsulo zimachuluka.

Mzere uliwonse umagona pa mitanda iwiri yoyenda kuchokera kummawa kupita kumadzulo. Mitandayi iyenera kudutsa pamene pali mabowo amene opanga anaboola kale pa chimango cha panelo. Pa mapanelo ambiri a msinkhu uwu pali mabowo otalikirana masentimita 140, koma onani pa yanu ndi pa pepala limene inabwera nalo. Mitanda ikatalikirana masentimita 140 motsata kupendekeka, miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo imatalikirana masentimita 135 pansi, ndipo yakumbuyo imaposa yakutsogolo ndi masentimita 36. M'chitsanzo chathu, pamwamba pa mtanda wakutsogolo pakhale masentimita 91 kuchokera pansi, ndipo pa wakumbuyo 127. Onjezerani masentimita 50 olowa mu konkire pa mwendo uliwonse. Miyendo itatu kutsogolo ndi itatu kumbuyo, yotalikirana mamita awiri, imakwanira mzere umodzi.

Pa miyendo gwiritsani ntchito payipi yachitsulo ya mamilimita 50 kapena chubu cha ngodya zinayi cha 50 kwa 50, chokhuthala mamilimita atatu. Pa mitanda, chitsulo chopindika ngati chilembo cha L cha 50 kwa 50, chokhuthala mamilimita asanu, ndi chosavuta kuboola ndi kumangapo mabauti. Zitsulo zimagulitsidwa zotalika pafupifupi mamita 6, ndiye mukadula mtanda wa 460 pamatsala chidutswa choposa mita. Musachisiye kwa wowotcherera. Zidutswa zimenezo ndizo zochirikiza zopingasa, zochokera m'munsi mwa mwendo wina kupita pamwamba pa unzake. Thandala lopanda zochirikiza zotere limagwedera ngati tebulo lakale, ndipo kugwederako kumamasula manati ndi kuswa timabwalo mkati mwa galasi mosaoneka.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya thandala ndi kusenza mapanelo. Kusenza ndi ntchito yaing'ono: mapanelo anayi ndi makilogalamu pafupifupi 110. Ntchito yaikulu ndi kuwagwira kuti asauluke. Mapanelo anayi ali ngati thanga la bwato la masikweya mita 10. Mphepo ya mkuntho yothamanga makilomita 110 pa ola imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu oposa 50 pa sikweya mita iliyonse, ndiye mzere umodzi utha kukokedwa ndi mphamvu yoposa theka la tani. Choopsa n'chakuti mbali yotukuka ya thandala lathu imayang'ana kummwera, kumene kumachokera mwera. Mphepo yochokera kumeneko imalowa pansi pa mapanelo n'kuwanyamula, ndipo miyendo yakumbuyo ndiyo imayamba kuzuka.

N'chifukwa chake maenje asakhale a dzanja limodzi. Dzenje la masentimita 40 kwa 40, lakuya 60, limalowa konkire yolemera makilogalamu pafupifupi 230. Maenje asanu ndi limodzi amapereka kulemera koposa tani imodzi, kumene n'kokwanira bwino. Pa mizere yonse iwiri mufunika matumba a simenti pafupifupi asanu ndi awiri, posakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Kunsi kwa mwendo uliwonse wotchererani kachitsulo kopingasa kuti mwendo usasolomoke mu konkire. Pamwamba pa konkire pakhale potukuka pang'ono, kuti madzi asadikhe pa chitsulo. M'nthaka ya mchenga, kapena ya makande imene imang'ambika m'chilimwe, kumbani mozamirapo. Thirirani konkire sabata yathunthu musanakweze mapanelo.

Ena amamanga ndi mitengo. Mapolo a bulugamu oviikidwa m'mankhwala kufakitale amagwira ntchito, koma mtengo wongodula kumunda chiswe chimaudya mkati kunja ukuoneka wabwino, ndipo ukamauma umapindika n'kupotola mapanelo.

Pomanga ndi pambuyo pake

Kuwotcherera konse kuthe mapanelo ali kutali, chifukwa nthethe za moto zimaboola pulasitiki ya kumbuyo ndi kuwononga galasi. Wowotcherera atenge miyeso ya mabowo pa panelo imodzi, kapena pa thabwa limene mwakoperapo mabowowo. Pakani penti yoteteza dzimbiri, makamaka mowotcherera, ndipo iume musanamange. Musaboole mabowo atsopano pa chimango cha panelo, ndipo panelo ikakana kugona bwino pa mitanda, konzani mtanda, osaikakamiza ndi bauti. Pofuna kuvutitsa akuba, ena amawotcherera kadontho pa nati atamanga. Ngati mutero, phimbani panelo ndi thabwa ndi chiguduli chonyowa.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo ayenera kuchidziwa. Thandala la pansi limafikirika ndi ana, ndipo mthunzi wake umawakopa. Mapanelo asanu ndi atatu olumikizidwa motsatana amatha kufika mavoloti pafupifupi 400 dzuwa likawala, ngakhale pampu itazimitsidwa. Magetsi amenewo amapha. Mawaya amangiriridwe pamwamba, kumbuyo kwa mitanda, osalendewera, ndipo otsikira pansi adutse m'payipi yokwiriridwa kumene khasu, makoswe ndi mbuzi sizifika. Thandala lonse lilumikizidwe ndi waya ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndipo ntchito ya mawayayi agwire ndi munthu amene anaiphunzira. Lambulani udzu kuzungulira malowo chilimwe chisanafike, chifukwa moto wolusa ukadutsa pansi pa mapanelo umasungunula mawaya ndi pulasitiki.

Nanga amene anamanga kale angadziwe bwanji kuti mizere yawo ikuphimbana? Chizindikiro choyamba ndi nyengo: zonse zimayenda bwino kuyambira Seputembala mpaka Epulo, koma mu Juni ndi Julaye pampu imachedwa kuyamba, imaleka msanga, kapena mabatire sadzaza ngakhale kunja kulibe mitambo. Chachiwiri ndi kusintha kwadzidzidzi. Dzuwa limakwera pang'onopang'ono, ndiye magetsi nawonso ayenera kukwera pang'onopang'ono. Madzi akangolumpha kuchoka pa kudontha kufika pa kukhuthuka m'mphindi zochepa, ndiye kuti mthunzi wangochoka kumene. Pitani mukaime pambali pa thandala cha m'ma 8 koloko mmawa wa mu Juni ndipo muyang'ane m'munsi mwa mzere wakumbuyo.

Mukaupeza mthunziwo, si nthawi zonse pamene muyenera kugumula konkire. Yezani mpata umene ulipo, muugawe ndi 1.5, ndipo yankho lake ndi msinkhu umene mpatawo ungapirire. Mpata wa masentimita 45 umapirira 30, pamene mutu wa mzere wakutsogolo ukupitirira ndi 59. Ndiye mzere wakumbuyo ukwezedwe ndi masentimita 29, polumikiza zidutswa pa miyendo yake yonse. Mzere wokwezedwawo ugwidwa ndi mphepo kuposa kale, choncho uwonjezereni zochirikiza zopingasa, ndipo muonenso ngati konkire ya miyendo yakumbuyo ili yokwanira.